Chimangirizo cha mtsutso pa chilango cha imfa: poyambira, pokhazikika ndi poyankha otsutsa

Chaka chilichonse ndikapatsa ophunzira mutu wakuti chilango cha imfa chithetsedwe kapena ayi, zimangirizo zambiri zimabwera zofanana ngati mazira. Wofuna kuti chithe amalemba kuti moyo ndi wopatulika, Mulungu yekha ndiye mwini wake, basi. Wofuna kuti chikhalepo amalemba kuti wopha mnzake naye aphedwe, ena atengerepo phunziro, basi. Onse awiri amalankhula ngati mnzawo wa mbali inayo ndi chitsiru kapena mfiti. Chimangirizo chotere sichikopa munthu, chifukwa amene akugwirizana nawe kale safunika kukopedwa, ndipo amene sakugwirizana nawe amaona msanga kuti sudamve n'komwe chimene chikumupweteka.

Ndikufuna kusonyeza mlozo wa chimangirizo chonena kuti Malawi athetse chilangochi. Ine ndili mbali imeneyi ndipo sindibisa. Koma mlozowu wamangidwa pa mfundo za otsutsa, chifukwa pa nkhani iyi otsutsawo ali ndi mfundo zolemera, ndipo zina mwa izo sizitha ndi yankho limodzi.

Musanalembe chiganizo choyamba, dziwani pamene lamulo lili lero, popeza ambiri amagwera pomwepa. Gawo 16 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo, koma gawo lomwelo limapitiriza kunena kuti kupha munthu potsatira chilango chimene bwalo loyenerera lapereka sikuwerengedwa ngati kumulanda moyo mopanda chilungamo. Choncho chilango cha imfa chilipo m'malamulo. Komabe munthu womaliza kunyongedwa ndi boma adanyongedwa mu 1992. Kuyambira pamene a Bakili Muluzi adalowa m'boma mu 1994, palibe mtsogoleri wa dziko amene wasayinira kuti munthu anyongedwe. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, bwalo lalikulu lidagamula kuti n'kulakwa kukakamiza jaji kupereka imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha. Jaji ayenera kumva kaye mmene zidakhalira ndi mmene munthuyo alili. Mu Epulo 2021, pa mlandu wa Khoviwa, kudatuluka chigamulo cha bwalo lalikulu la apilo chonena kuti chilango cha imfa chikutsutsana ndi malamulo aakulu. Nyuzipepala zidalemba, dziko lonse lidamva. Koma mu Ogasiti chaka chomwecho majaji ena a bwalolo adatulutsa chigamulo chokonzedwa, nanena kuti amenewo adali maganizo a jaji mmodzi, ndipo funso limenelo silidali pakati pa zimene bwalo lidafunsidwa kuti ligamule. Chilango chidabwerera pomwe chidali.

Wophunzira amene walemba kuti Malawi adathetsa chilango cha imfa mu 2021 wadzikola yekha m'ndime yoyamba, ndipo wowerenga wodziwa sakhulupiriranso zotsatira zake.

Mbiri imeneyi ndi imene ikupatseni chiyambi. Musayambe ndi kutanthauzira kuti chilango cha imfa n'chiyani, aliyense akudziwa. Yambani ndi chodabwitsa chimene tili nacho: dziko limene makhoti ake amagamula imfa koma kwa zaka zoposa 30 silinyonga. Kenako nenani mbali yanu m'chiganizo chimodzi chimene munthu angathe kuchitsutsa. "Chilango cha imfa chili ndi ubwino ndi kuipa kwake" si mbali; mapanga awiri avumbwitsa. Mbali ndi iyi: nyumba ya malamulo ichotse chilango cha imfa m'malamulo a milandu, chifukwa makhoti athu angathe kulakwitsa, adalakwitsapo kale, ndipo kulakwitsa kwa chingwe sikubwezeka. Onani kuti chiganizochi chanena amene achite, chimene achite, ndi chifukwa chimodzi chachikulu.

Thunthu la chimangirizo liyambe ndi chifukwa chimenechi, ndipo apa mpofunika kukhazikika. Kungonena kuti madzi akatayika saoleka sikokwanira, pakuti wotsutsa avomera mwambiwo n'kufunsa kuti, kodi adatayika kuti? Muyenera kumusonyeza. Umboni wabwino koposa uli mu zimene zidachitika pambuyo pa mlandu wa Kafantayeni. Francis Kafantayeni adapezeka wolakwa pa mlandu wopha mwana wopeza wa zaka ziwiri, ndipo sadakane. Adati adali atasuta chamba. Ndimakonda kuuza ophunzira zimenezi poyera, kuti asaganize kuti mlandu wotchukawu udali wa munthu wosalakwa. Bwalo silidanene kuti sadaphe. Lidati lamulo limene limapereka chilango chimodzimodzi kwa wopha mwadala chifukwa cha ndalama, kwa wodwala misala, ndi kwa mayi amene wabwezera mwamuna womumenya zaka zambiri, ndi lamulo losaona. Mu 2010 bwalo la apilo, pa mlandu wa Yasini, lidatsimikiza kuti onse amene adagamulidwa imfa pansi pa lamulo lakalelo ayenera kumvedwanso. Ntchitoyi idachedwa, idayamba mu 2015, motsogozedwa ndi bungwe la boma loona za ufulu wa anthu mogwirizana ndi maloya ndi alangizi a zamalamulo amene amayendera ndende. Akaidi oposa 150 adamvedwanso. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adapatsidwanso imfa, ndipo ambiri adatuluka chifukwa zaka zimene adakhala kale zidakwanira.

Chimene chimapatsa mphamvu ndime imeneyi ndi zimene zidatulukira pomvanso milanduyo. Mafayilo a milandu ina adali atasowa, moti padalibe chosonyeza zimene mboni zidanena tsiku la mlandu. Akaidi ena adapezeka kuti adali ndi matenda a maganizo amene palibe adawafufuza pozenga mlandu. Ena adali ana pa nthawi imene mlandu udachitika, m'dziko limene anthu ambiri a zaka zimenezo alibe chikalata cha kubadwa. Pa milandu ina majaji adaona kuti umboni womwe udamangitsa munthuyo udali wofooka. Onsewa adali anthu amene lamulo lidati afe. Akadakhala kuti atsogoleri adasayina, kumvanso kwa 2015 kukadapeza manda.

Fotokozaninso mmene kulakwitsa kumalowera, kuti wowerenga aone ndi maso. Munthu waphedwa usiku kumudzi kopanda magetsi. Mboni yaona munthu akuthawa ndipo yamuzindikira ndi kayendedwe. Woganiziridwa wagwidwa, wakhala m'chitolokosi, wasayina kapena kudinda chala pa chikalata chovomera mlandu chimene iye satha kuwerenga. Wakhala pa rimandi zaka zingapo. Loya wa boma amene wapatsidwa ali ndi milandu yambirimbiri ndipo wakumana naye mlandu uli pafupi kuyamba. Mlandu ukuzengedwa m'Chingerezi kudzera mwa womasulira. Palibe munthu woipa mtima amene akufunika kuti zinthu zilakwike apa; kuchepa kwa anthu ndi zipangizo n'kokwanira. Ndipo amene amadutsa njira imeneyi kawirikawiri ndi wosauka, chifukwa wa ndalama amalemba loya wake tsiku lomwe wagwidwa.

Mfundo yachiwiri ikhale yaifupi, chifukwa Amalawi akuidziwa: chingwe chikakhalapo, wolamula akhoza kuchigwiritsa ntchito pa adani ake. Albert Muwalo, amene adali wamphamvu m'chipani cha Kongeresi, adanyongedwa mu 1977 pa mlandu woukira boma. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera adagamulidwa imfa mu 1983 ndi bwalo la mafumu limene silinkalola maloya. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende moyo wonse mu 1984 maiko ena atadandaula, Orton adafera kundende ya Zomba mu 1992, Vera adatuluka mu 1993. Wotsutsa adzati zimenezo zidali za chipani chimodzi. Yankho ndi lakuti mlandu woukira boma udakali ndi chilango cha imfa m'malamulo, ndipo chimene chikuletsa kunyonga lero ndi mtima wa munthu mmodzi wokhala ku nyumba ya boma, osati lamulo.

Tsopano tifike pamene chimangirizo chimapambanira kapena kugwera. Otsutsa muwapatse malo okwanira, ndipo mfundo zawo muzilembe mmene iwo eni akadazilembera, moti atawerenga anene kuti, eya, n'zomwezo.

Mfundo yawo yodziwika kwambiri ndi yakuti chilango cha imfa chimaopseza ena. Imeneyi ndi imene ophunzira amathera nayo nthawi yambiri, koma si yolimba koposa, ndipo apa mbali zonse ziwiri zimanama mosavuta. Wofuna kuthetsa amatchula Canada, kumene kupha anthu kudatsika patapita zaka chilangochi chitathetsedwa mu 1976. Wofuna kusunga amatchula South Africa, kumene bwalo la malamulo aakulu lidachithetsa mu 1995 pa mlandu wa Makwanyane, ndipo mpaka lero anthu akuphedwa ambiri. Koma ku South Africa komweko chiwerengero cha ophedwa chidatsika kwa zaka zoposa khumi pambuyo pa 1995, kenako n'kuyambanso kukwera. Aliyense akhoza kusankha zaka zimene zikumukomera. Mu 2012 akatswiri a bungwe la National Research Council ku America adaunika kafukufuku wa zaka zambiri, napeza kuti sangatiuze ngati chilango cha imfa chimachepetsa, chimachulukitsa kapena sichisintha kupha. Choncho musalembe kuti zatsimikizika kuti sichiopseza. Mukatero mwanena zoposa umboni. Lembani kuti palibe amene wasonyeza kuti chimaopseza kuposa ndende ya zaka zambiri, ndipo amene akufuna kuti boma liphe ndiye ali ndi udindo wobweretsa umboniwo. Kenako onjezani chimene aliyense akuchidziwa kumudzi: wakuba kapena wakupha amawerengera kuti sagwidwa, ndipo wopha mnzake pa mowa kapena pa mkangano wa munda sawerengera chilichonse.

Mfundo yolimba koposa ndi ina. Kuyambira cha m'ma 2014, anthu achialubino m'dziko muno akhala akubedwa ndi kuphedwa chifukwa cha chikhulupiriro chabodza chakuti ziwalo zawo zimabweretsa chuma. Ana atengedwa m'nyumba usiku, manda afukulidwa, ndipo pa milandu ina achibale enieni adapezeka kuti adatengapo mbali. Uku sikupha kwa mkwiyo wadzidzidzi. N'kupha kokonzekera, kokhala ndi mtengo, kochitidwa ndi anthu amene akuwerengera phindu. Mu 2019 makhoti adagamula imfa pa milandu ina yotere, ndipo anthu ambiri, kuphatikizapo achialubino ena, adapempha kuti chingwe chibwerere. Wotsutsa apa sakunena za kuopseza kokha. Akunena kuti pali zoipa zina zimene chilango chilichonse chochepera imfa chimakhala ngati kunyoza wophedwayo. Akufunsa kuti, mayi amene mwana wake adadulidwa manja, mukamuuza kuti wakuphayo adzadya nsima ya misonkho yake mpaka kukalamba, mwamuuza kuti mwana wake adali wa mtengo wanji?

Chaka china mtsikana wina m'kalasi mwanga adalemba ndime yotere, ndipo nditawerenga ndidayika cholembera pansi. Mchimwene wake adaphedwa ndi achifwamba pobwera kumsika, njinga n'kutenga. Adalemba mmene mayi ake amasungirabe nsapato zake pansi pa bedi. Iye ankafuna chilango cha imfa chikhalepo, ndipo ndidamupatsa malikisi apamwamba kuposa onse amene adali mbali yanga, chifukwa iye yekha adayankha mfundo ya kulakwitsa kwa makhoti mmalo moithawa. Adati: nyongani okhawo amene umboni wawo ulibe chikayiko chilichonse.

Kodi mungamuyankhe bwanji? Choyamba, musamuuze kuti akhululuke. Si malo anu, ndipo wowerenga aliyense amene adafedwapo adzatseka tsamba. Vomerani poyera kuti mkwiyo wake ndi wolungama, ndipo kuti mwina alipodi anthu amene zochita zawo n'zoyenera imfa. Kuvomera kumeneku sikugwetsa chimangirizo chanu, chifukwa inu simudanene kuti palibe woyenera kufa. Mwanena kuti boma silingathe kusankha oyenerawo popanda kulakwitsa. Funso lakuti wakuti n'ngoyenera chiyani ndi lina, funso lakuti ndani angapatsidwe mphamvu yochita zimenezo ndi linanso. Pa zakuti anyongedwe okhawo opanda chikayiko, yankho ndi lakuti mlandu uliwonse wakupha umagamulidwa kale pa muyezo wakuti pasakhale chikayiko chomveka. Akaidi aja amene adamvedwanso mu 2015, majaji awo oyamba nawonso adali otsimikiza. Palibe jaji amene amalemba kuti ndikukayika koma afe. Ndipo milandu imene imakwiyitsa dziko lonse ndi imene apolisi amapanikizidwa kwambiri kuti apeze munthu msanga, ndiye kuti ngozi ya kulakwitsa imakula pomwe mtima ukufunitsitsa chingwe.

Pa milandu ya achialubino palinso mfundo ina yogwira. Amene amagwidwa kawirikawiri ndi otumidwa, ogwira chikwanje. Ogula ziwalo, amene ali ndi ndalama, sadziwika. Wotumidwa wamoyo akhoza tsiku lina kutchula dzina la womutuma. Wonyongedwa amapita nalo kumanda. Komabe muvomere kuti yankho lonseli silichotsa ululu wa mayi uja. Chimangirizo chimene chimanena kuti apa patsala chinthu chimene sinditha kuchikonza chimakhulupirika kuposa chimene chimanamizira kuti chayankha zonse.

Mfundo yachitatu ya otsutsa ndi ya kulanga okha. Anthu akaona kuti boma ndi lofewa, amatenga matayala ndi petulo. Taonapo oganiziridwa akuotchedwa m'misika, ndi nkhalamba zikuphedwa poziganizira ufiti. Wotsutsa akuti mukachotsa chilango cha imfa, mwathira mafuta pamoto. Mantha amenewa ndi enieni. Koma onani kuti zonsezi zikuchitika chilangocho chili m'malamulo, ndipo ambiri ootchedwa amaganiziridwa kuba mbuzi kapena foni, milandu imene siyandikira n'komwe chingwe. Chimene chimakwiyitsa anthu ndi kuona wogwidwa dzulo akuyenda lero, polisi ili kutali, mlandu ukutha zaka osazengedwa. Mankhwala ake ali pamenepo.

Za chipembedzo muzigwire mosamala ndipo musachedwepo. Genesis 9:6 ndi Aroma 13:4 amatchulidwa ndi ofuna kusunga. Yohane 8 amatchulidwa ndi ofuna kuthetsa. Mpingo wa Katolika udasintha chiphunzitso chake mu 2018 n'kunena kuti chilangochi n'chosavomerezeka, pamene mipingo ina ikuchivomereza. M'Chisilamu kubwezera moyo ndi moyo kulipo, koma banja la wophedwa lingathe kukhululuka n'kulandira chipepeso. Vesi limakopa yekhayo amene amaliwerenga ngati inu, ndipo lamulo ndi la onse.

Pali otsutsa ena ofatsa amene ophunzira amawaiwala, koma m'nyumba ya malamulo ndi amene amachuluka. Iwo amati: tisiye mmene zilili, sitikunyonga aliyense, lamulolo lingokhala ngati galu wapakhomo. Mu 2022 a Lazarus Chakwera adasintha zilango za amene adali kudikira imfa, monga adachitiranso atsogoleri ena m'mbuyomo, ndiye vuto lili pati? Vuto loyamba ndidalitchula kale, kuti mtsogoleri wina akhoza kubwera n'kusayina. Lachiwiri ndi lakuti munthu wogamulidwa imfa amakhala ku Zomba zaka zambiri osadziwa ngati m'mawa wina adzabwera kudzamutenga. Lachitatu, limene limakhudza otsutsa enieniwo, ndi lakuti anamfedwa amapusitsidwa: amamva jaji akuti imfa, amabwerera kumudzi akuganiza kuti zatha, kenako n'kumva pawailesi kuti chilango chasinthidwa. Ngati galuyo aliyense akudziwa kuti saluma, sakuopseza munthu; ngati tsiku lina adzaluma, mfundo ya kulakwitsa yabwerera yonse.

Mukafuna kutchula maganizo a anthu, samalani. Padachitika kafukufuku pakati pa mafumu pafupifupi 100 a m'midzi imene akaidi omasulidwa aja adabwerera, ndipo ochuluka kwambiri adati sakufuna chilango cha imfa. Ndi umboni wabwino wosonyeza kuti anthu amasintha maganizo akaona munthu amene adamutaya atabwera n'kuyamba kulima. Koma musaugwiritse ntchito ngati mawu a Amalawi onse, chifukwa mafumuwo adasankhidwa m'midzi ya akaidi. Wotsutsa wochenjera adzakugwirani pomwepo. Chimodzimodzi za maiko oyandikana nafe: Mozambique idathetsa mu 1990, Zambia mu Disembala 2022, Zimbabwe mu Disembala 2024, pamene Botswana ikusungabe chilangochi. Zimenezi zikuyankha amene amati kuthetsa ndi nzeru za azungu, koma si chifukwa pachokha. Kuti aneba achita chinthu sikutanthauza kuti n'cholondola.

Amene wapatsidwa mbali yosunga chilango atembenuze mlozo womwewu. Ayambe ndi mfundo ya chilungamo kwa wophedwa, osati ya kuopseza imene umboni wake ndi wosakwanira. Avomereze chigamulo cha Kafantayeni, apemphe chilangochi pa kupha kokonzekera kokha, ndipo ndime yake yaitali koposa ikhale yoyankha za mafayilo osowa ndi maloya ochepa: anene kuti ndi chiyani chiyenera kukonzedwa chingwe chisanagwire ntchito, ndipo adzatani tsiku limene adzapeza kuti wonyongedwa adali wosalakwa. Akalumpha funso limeneli, walumpha chimangirizo chonse.

Mathero a chimangirizo chofuna kuthetsa asabwereze zonse zimene zanenedwa. Anene chimene chilowe m'malo, chifukwa wowerenga amene mwamulanda chingwe akufuna kudziwa kuti mwamupatsa chiyani. Gawo 16 limalola chilango cha imfa koma silikakamiza kuti chikhalepo, motero aphungu angathe kuchichotsa m'malamulo a milandu, kuyambira gawo 210 lonena za kupha, monga momwe amasinthira lamulo lina lililonse. Pemphani kuti pa kupha kokonzekera pakhale ndende ya moyo wonse, yokhala ndi zaka zimene munthu sangatuluke zisanakwane ngakhale patabwera chikhululukiro cha pa 6 Julaye. Kuti anamfedwa azidziwitsidwa ndi kumvedwa chilango chisanasinthidwe. Ndi kuti ana amasiye a wophedwa athandizidwe. Wotsutsa adzafunsa za ndalama, popeza ndende zathu n'zodzadza kale. Muyankheni kuti ogamulidwa imfa akhala akusungidwa m'ndende zomwezo kuyambira 1992, ndiye kuthetsa sikuwonjezera mkaidi ndi mmodzi yemwe pa amene boma likudyetsa lero.